Msonkho wa ISPC: bwanji akuwerengera pa zogulitsa osati pa phindu?

"Ndili ndi banka ku Ulongwe, ndimagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo, zakumwa, ndipo nthawi ya dzinja ndimaikako feteleza pang'ono. Pa mwezi ndimagulitsa katundu wa 100,000 metikali mwina kuposerako pang'ono. A Finansa adadutsa akuti ndilembetse ISPC ndizilipira 3% ya zonse zimene ndagulitsa ndipo akuti sindifunika kontabilista. Mlamu wanga akuti kumeneko nkundibera chifukwa sakuona kuti katunduyo ndimachita kugula. Kodi ndi zoona? Nanga senya ya munisipiyo imene ndimalipira kale ija si msonkho?" Mayi wa ku Ulongwe, Angoniya.

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo, palibe amene wakupekerani nkhani kuti akudyereni ndalama. ISPC ndi msonkho weniweni wa boma la Mozambiki, dzina lake lonse pa mapepala mudzaliona lolembedwa Imposto Simplificado para Pequenos Contribuintes, kutanthauza msonkho wopeputsidwa wa amalonda ang'onoang'ono, ndipo udabwera ndi lamulo nambala 5 la chaka cha 2009. Ine ndakhala ndikulembera anthu mabuku a bizinesi kwa zaka zambiri kuno ku Tete, ena a maloja akuluakulu ena a mabanka ngati yanuyi, ndipo ndikuuzeni kuti alamu anuwo sakunama kwenikweni, aona mbali imodzi yoona ndithu koma mbali inayo sadaione. Ndiye tiyende nazo pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi senya chifukwa ndi yachidule. Imene mumapereka kwa munisipiyo ija ndi ya malo, mukulipirira kuti mwakhala pamsika kapena mukuchita malonda m'dera lawo, ndalama yake imathera ku munisipiyo komweko. ISPC imapita ku Autoridade Tributária, amene tonse timangowatchula kuti a Finansa, ndiye kuti thumba la boma lalikulu. Kulipira kumodzi sikufafaniza kwinako. Chimodzimodzinso ndalama imene mumalipira pa chipata cha Kalomwe kapena Zobwe mukalowetsa katundu wochokera ku Malawi, imeneyo ndi ya kasitomu, ndi nkhani ina. Ndipo poti kwanuko wailesi zambiri mumamvera za ku Malawi, zimene amalengeza a MRA zija ndi za tsidya ilo, musatengere manambala awo kubwera nawo kuno.

Tsopano funso lenileni, bwanji boma lingowerengera pa zogulitsa. Kuti mumvetse ganizirani kaye chimene chikanafunika kuti akudulireni msonkho pa phindu. Phindu si chinthu choti munthu angaliwone ndi maso, limachita kupezeka pochotsera, zogulitsa kuchotsapo mtengo umene mudagulira katundu, kuchotsaponso lendi, thiransipoti, magetsi a firiji, malipiro a mtsikana wokuthandizani, katundu amene adawonongeka. Ndipo a Finansa sangangomva pakamwa panu kuti ndidawononga zakuti, chilichonse chimene mukufuna kuchotsa chimafuna pepala lovomerezeka, fatura yokhala ndi dzina ndi NUIT, nambala ya wolipira msonkho, ya amene adakugulitsaniyo. Ndiye tandiuzeni, mnyamata wa njinga amene amakunyamulirani makatoni kuchokera pa siteji amakupatsani fatura? Shapa imene mudakwera ndi mabelo a shuga kuchokera ku Tete idakupatsani pepala lolembedwa NUIT? Mlimi wa ku Tsangano akakugulitsani thumba la mbatata kapena nyemba, ali ndi chidindo? Palibe. Pa msonkho wa phindu ndalama zonse zopanda mapepalazo zimaoneka ngati simudawononge, ndiye phindu lanu pa pepala limatupa kuposa limene lili m'thumba ndipo mumalipira msonkho pa ndalama imene simudaigwirepo.

Komanso sizithera pa mafatura. Mabuku athunthu amafuna kuti kumapeto kwa chaka muwerenge katundu yense wotsala pa shelefu, sopo mmodzimmodzi, ndi kumuika mtengo, chifukwa katundu amene sadagulidwe sachotsedwa ngati chowonongedwa cha chaka chimenecho. Firiji imene mudagula simuichotsa yonse chaka chimodzi, mumaigawa pa zaka zingapo. Ndiye pali IVA, imene munthu wa m'ndondomeko yaikulu amayenera kuiwonjezera pa mtengo, kuisunga, kuchotsapo imene iye adalipira pogula, ndi kukapereka fomu mwezi ndi mwezi ngakhale mwezi umene malonda adali ozizira. Zimenezi munthu sungazichite uli pa banka kuyambira mmawa mpaka mdima uku ukuyeza mafuta uku ukubweza chenji, pamafunika kontabilista ndipo kontabilista amalipidwa mwezi uliwonse. Ndikunena ine mwini wake wa ntchitoyo, kwa bizinesi ya msinkhu wanu malipiro anga a chaka akhoza kufanana kapena kuposa msonkho umene mukanalipira, ndiye mwapindulanji.

Mbali ya boma nayonso ili ndi masamu ake. Kuti afufuze ngati phindu limene mwalemba ndi loona, ayenera kutumiza munthu, galimoto ndi mafuta, akhale pansi masiku angapo akutembenuza mapepala anu. Kuchita zimenezo pa kampani ya malasha ku Mowatize nkomveka chifukwa ndalama zake ndi zambiri. Kuchita zimenezo pa banka iliyonse ya ku Domwe, ku Furankungo, ku Biribiri, ndalama yofufuzira ikhoza kuposa msonkho umene akufuna kutolera. Ndiye adasankha nambala imodzi yokha imene wamalonda aliyense amaidziwa ngakhale sadapite patali ndi sukulu, ndalama imene yalowa lero, ndipo ndi nambala imene iwonso akhoza kuiyerekeza ali panja pongoona kukula kwa banka ndi katundu amene mumaoda. Pa nambala imeneyo adaikapo peresenti yaing'ono poganiza kuti mkati mwa zogulitsazo muli kaphindu kenakake. Sakufunsani kuti phindulo ndi lingati, angoliganizira. Apa ndiye pagona ubwino wake wonse komanso vuto lake lonse.

Mmene lamulo la 2009 lidaikira zinthu ndi motere, ndipo manambalawa ndi amene ndagwira nawo ntchito zaka zonsezi. Amene ankaloledwa kulowa ndi amene zogulitsa zake pa chaka sizinkapitirira 2,500,000 metikali. Ankasankha pakati pa ziwiri, kulipira 3 pa 100 iliyonse ya zogulitsa kapena kulipira ndalama yokhazikika ya 75,000 pa chaka. Amene akungoyamba kumene bizinesi ankadulidwa theka chaka choyamba, ndiye kuti 1.5 m'malo mwa 3. Ndipo akalowa mu ISPC, pa bizinesi imeneyo salipiranso IVA ya pa zogulitsa zake, salipira IRPS kapena IRPC, misonkho ya pa zopeza za munthu ndi za kampani, msonkho umodziwu walowa m'malo mwa yonseyo. Malamulo a msonkho nyumba ya malamulo imawakonzanso nthawi ndi nthawi, malire ndi maperesenti amasuntha, choncho tsiku limene mukukalembetsa muwauze akuonetseni pa pepala peresenti ndi malire a chaka chimenecho a mtundu wa malonda anu. Koma kawerengedwe kake, kamene ndikufuna mukagwire, ndi komweka.

Za 75,000 zija ndingokuchenjezani msanga chifukwa ndidaonapo anthu akuzisankha poganiza kuti zokhazikika ndiye zotchipa. Tawerengani 3% ya 2,500,000, mupeza 75,000 yomweyo. Ndiye kuti ndalama yokhazikikayo idali msonkho wa munthu amene ali pamwamba penipeni pa malire. Aliyense amene ankagulitsa zochepera pamenepo akasankha yokhazikika ankalipira zoposa zake. Inu pa 100,000 pa mwezi musayerekeze nkomwe.

Tiwerenge zanu potengera 3% ya lamulo la 2009 ija. 100,000 pa mwezi ndi 300,000 pa miyezi itatu, ndipo msonkhowu umalipidwa miyezi itatu iliyonse. Za Januwale mpaka Malichi mumakalipira mu Epulo, kenako mu Julaye, mu Okutobala, ndipo za kumapeto kwa chaka mumalipira mu Januwale. 3% ya 300,000 ndi 9,000. Pa chaka zogulitsa ndi 1,200,000, msonkho 36,000. Mukaugawa pa masiku ndi pafupifupi 100 metikali pa tsiku, ndipo ndimauza aliyense kuti aziika padera madzulo aliwonse, pa 1,000 iliyonse imene yalowa 30 ipite m'kachitini kena kapena mu nambala ina ya foni, chifukwa 9,000 yofunika tsiku limodzi mu Januwale, pamene ana akufuna za sukulu ndipo anthu alibe ndalama poti zonse zili kumunda, imawawa kwambiri kuposa 100 ya tsiku ndi tsiku.

Tsopano mbali ya alamu anu. Tiyerekeze kuti pa 100 iliyonse imene mwagulitsa, 85 ndi imene mudagulira katunduyo, yotsala 15. Pa chaka ndiye 180,000. Muchotsepo lendi, thiransipoti, magetsi, senya, tinene zonse pamodzi 60,000. Chotsala chenicheni ndi 120,000, ndiye kuti 10,000 pa mwezi. Msonkho wa 36,000 uja pa 120,000 ndi 30 pa 100 iliyonse. Mwaona? Chimene chimamveka ngati 3% yokha chadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lanu. Pamenepa alamu anu akunena zoona.

Koma tengani mayi mnzanu amene ali ndi baraka yophika nsima ndi nkhuku, kapena telala, kapena wa saluni, amene pa chaka amalowetsanso 1,200,000 yomweyo koma poti chimene akugulitsa kwambiri ndi ntchito ya manja ake, amatsala ndi 40 pa 100 iliyonse, ndiye 480,000. Iyenso alipira 36,000 yomweyo, imene kwa iye ndi 7.5 pa 100 ya phindu lake. Anthu awiri, msika umodzi, msonkho wofanana, koma wina walemedwa kanayi kuposa mnzake. Msonkho wa pa zogulitsa umakomera amene phindu lake pa katundu aliyense ndi lalikulu ndipo umapweteka amene amagulitsa zambiri koma kudya pang'ono pa chilichonse. Ine ndimaona kuti pamenepa lamuloli ndi losalongosoka kwenikweni, koma ndi mtengo wa kupeputsa, sungathe kukana kuonetsa mabuku kenako nkudandaula kuti sadaone zimene zili m'mabukumo.

Ndiye feteleza wanu uja ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa sopo. Katundu ngati feteleza, simenti, shuga wa mabelo, mayunitsi a foni, ndi wa ndalama zambiri koma kaphindu kochepa chifukwa aliyense amadziwa mtengo wake ndipo mukakweza pang'ono wogula amangowoloka msewu. Tingoyerekeza kuti thumba mwagula 2,400 kuphatikiza thiransipoti ndipo mwagulitsa 2,500. Mumtima mukuti ndapeza 100. Koma 3% ya 2,500 ndi 75, ndiye chanu ndi 25 basi, thumba limodzi likang'ambika kapena kunyowa phindu la matumba pafupifupi 100 lapita. Ndidathandizapo bambo wina wa mbali ya ku Tsangano amene nyengo ina adagulitsa matumba ambirimbiri akusangalala kuti ndalama zikuyenda, titakhala pansi kuwerenga tidapeza kuti miyezi itatu yonseyo adagwirira ntchito msonkho ndi mwini lole, iye adangotsala ndi msana wowawa. Sadabedwe ndi munthu, adangoiwala kuika 3 ija mu mtengo. Choncho musanaode katundu aliyense, chotsani kaye peresenti ya ISPC pa mtengo wogulitsira, muone chotsalacho ngati chikuyenera thukuta lanu. Ngati sichikuyenera, kwezani mtengo kapena musiyeni katunduyo, ndipo dziwaninso kuti katundu wotereyu amakukankhirani msanga ku malire a chaka aja popanda kukulemeretsani.

Chinanso chimene muyenera kudziwa ndi chakuti msonkhowu sumva zoti mwaluza. Mwezi umene akuba adathyola banka, kapena mafuta adatsika mtengo inu mutaoda okwera, ngati mwagulitsa mulipira basi. M'ndondomeko ya mabuku athunthu munthu akaluza salipira msonkho wa phindu chaka chimenecho. Kuno kulibe zimenezo. Ndiponso IVA imene mumalipira mukamaoda ku loja yaikulu, imene pano ndi 16%, simungaibweze, imangokhala gawo la mtengo wogulira.

Ndiye mwina mukufunsa kuti si bwino kungopita ku mabuku athunthu? Kwa inu ndikuti ayi. Pali kasamu kamene ndimagwiritsa ntchito poyamba. Kampani imalipira IRPC ya 32 pa 100 ya phindu. 3 ya pa zogulitsa imafanana ndi 32 ya pa phindu pamene phindu lenileni lili pafupifupi 9 pa 100 iliyonse ya zogulitsa. Amene phindu lake lili pamwamba pa 9 ISPC ikumukomera, amene lili pansi ndiye ayambe kuganiza. Kwa munthu payekha amene si kampani msonkho wake ndi IRPS umene umayambira pa 10 nkumakwera mpaka 32 malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, ndiye malirewo amasunthako, koma musaiwale kuwonjezapo malipiro a kontabilista, ntchito ya IVA mwezi ndi mwezi, ndi ndalama zonse zija zopanda fatura zimene sadzakulolani kuchotsa. Mukaphatikiza zonsezi, banka ya 1,200,000 pa chaka imene theka la zinthu zake zimayenda popanda mapepala imapepukidwa mu ISPC ngakhale 36,000 ikuwawa. Amene ndimawalangiza kuti aganizire zotuluka ndi a mahoseyilo, amene amagula chilichonse ndi fatura ku makampani ndipo phindu lawo ndi la 4 kapena 5 pa 100.

Pali gulu linanso limene limatuluka pa chifukwa china. Fatura ya munthu wa ISPC ilibe IVA, ndiye kampani imene yagula kwa iye ilibe IVA yoti ikachotse kwawo. Amene amafuna kumaperekera katundu ku makampani akuluakulu, monga aja ozungulira migodi ku Mowatize, nthawi zina amapeza kuti ogulawo akufuna wogulitsa wa m'ndondomeko yaikulu. Inu ogula anu ndi anthu a m'mudzi ndi apaulendo, izi sizikukukhudzani panopa.

Musanavomere kulipira funsaninso za kukhululukidwa. Lamulo la 2009 lija lidati amene zogulitsa zake pa chaka sizipitirira malipiro ochepetsetsa 36 salipira ISPC, ndipo ankatenga malipiro ochepetsetsa a gawo la ntchito limene lili pamwamba pa onse, mmene adaliri pa 31 Disembala chaka chapitacho. Kungopereka chitsanzo, malipirowo atakhala 15,000 ndiye kuti malire ndi 540,000 pa chaka, kapena 45,000 pa mwezi. Inu pa 1,200,000 muli pamwamba, mulipira. Koma amayi ambiri ogulitsa tomato, mandasi kapena makala pafupi nanupo adali pansi pa malire amenewo ndipo ena amaopa a Finansa popanda chifukwa, mukhoza kuwauza akafunse malire a chaka chino. Kukhululukidwa sikutanthauza kubisala, ndi bwino kukhala ndi NUIT ndi kaderno yosonyeza kuti zogulitsa zanu ndi zochepadi.

Apa ndafika pa chinthu chimene anthu amachimva molakwika kwambiri. Akamva kuti sipafunika kontabilista amamva ngati sipafunika kulemba chilichonse. Ayi Mayi. Chimene chachoka ndi mabuku a phindu, koma buku la zogulitsa latsala ndipo ndi limene msonkho wonse waimapo. Gulani kaderno yachikuto cholimba, osati mapepala othothoka, tsamba lililonse mzere wa tsiku, deti ndi ndalama yonse ya zogulitsa za tsikulo, kumapeto kwa mwezi muphatikize, kumapeto kwa miyezi itatu muphatikizenso. Mbali ina ya kaderno muzilemba zimene mwaoda ndipo mafatura a kumene mumaoda muziwasunga mu envulopu mwezi ndi mwezi. Mapepala onsewa pamodzi ndi marisiti a msonkho asungeni zaka zosachepera 5, pouma, kutali ndi mbewa ndi chiswe.

Pa kalembedwe pali timisampha tingapo timene ndimakumana nato kawirikawiri. Kambiri anthu amawerenga ndalama imene yatsala m'kabati madzulo nkulemba kuti ndiyo zogulitsa, kuiwala kuti masana adatapamo 600 kulipira wa mikate ndi 200 ya ndiwo za kunyumba. Zogulitsa ndi zonse zimene zidalowa, musanatapemo. Ndiye muzilemba kapepala nthawi iliyonse mwatapa, madzulo muphatikize. Ngongole nazo, mphunzitsi akatenga katundu wa 1,500 kuti adzalipira pakutha pa mwezi, lembani kamodzi tsiku limene katundu watuluka, tsiku lobweza musalembenso ngati malonda atsopano, ndaonapo anthu akudzilipiritsa msonkho kawiri pa sopo mmodzi. Poti muli kufupi ndi malire ena amakulipirani makwacha, asintheni pa mtengo wa tsiku lomwelo mulembe mu metikali, musadikire kutha kwa mwezi chifukwa kwacha ya lero si ya mawa.

Koma msampha waukulu masiku ano ndi foni. Nambala imodzi yomweyo ya M-Pesa kapena e-Mola ndi imene ogula amalipirirapo, ndi imene mwana wanu wa ku Joni kapena ku Beira amatumizirapo thandizo, ndi imene a gulu lanu losunga ndalama amaponyerapo. Tsiku limene padzakhale kufunsana, ndalama zonse zolowa pa nambala imeneyo zidzaoneka ngati malonda ndipo kudzakhala kwa inu kusonyeza kuti si choncho. Pezani nambala ina ya banka yokha. Ndi zotchipa kuposa kukangana.

Nanga munthu akangolemba zochepa, adziwa bwanji? Funso limeneli amandifunsa monong'ona pafupifupi aliyense. Amadziwira kumene mumaoda. Loja yaikulu imene imakugulitsani ili m'mabuku athunthu, fatura iliyonse imene idakulemberani ndi NUIT yanu ili m'mabuku awo. Ngati mwaoda katundu wa 270,000 pa miyezi itatu inu nkukanena kuti mwagulitsa wa 90,000 pamene mashelefu ali opanda kanthu, nkhaniyo siigwirizana ndipo safunika kukhala wanzeru kwambiri kuti aone. Zikatero a Finansa ali ndi mphamvu yokuikirani okha nambala imene akuganiza kuti ndiyo yoona, nkuwonjezapo muluta ndi chiwongoladzanja cha kuchedwa. Ndipo munthu wopanda kaderno alibe chotsutsira. Kaderno yolembedwa tsiku ndi tsiku, yakuda ndi manja, ya mabolopeni osiyanasiyana, imakhulupirika kuposa yoyera bwino imene ikuchita kuonekeratu kuti yalembedwa usiku umodzi.

Kulembetsa kwake sikovuta. Ngati mulibe NUIT yambani ndi imeneyo, ndi yaulere, mumangopita ndi chiphaso chanu. Kenako ku ofesi ya Finansa ya dera lanu mukalembe fomu yoyambira bizinesi, ndipo pa fomupo muonetsetse ndi maso anu kuti alemba ISPC komanso, ngati njira ziwiri zija zikadalipo, njira ya peresenti osati ya ndalama yokhazikika, mutenge kope yanu yodindidwa. Poti banka yanu idayamba kale, musadziwerengere nokha kudulidwa theka kwa chaka choyamba kuja, afunseni akuuzeni ngati kukukukhudzani. Polipira, lipirani ku ofesi kapena ku banki kapena njira ina imene ofesiyo yakuuzani, ndipo nthawi zonse mutuluke ndi risiti yokhala ndi NUIT yanu ndi miyezi imene mwalipirira. Munthu akabwera pa banka, kaya wavala yunifolomu kaya ali ndi kabaji, nkunena kuti mungondipatsa pompano ndikakukonzerani, ameneyo ndalama yanu sikafika ndipo ngongole yanu ku ofesi idzakhala ilipobe. Kumayambiriro kwa chaka, mwezi wa Febuluwale usanathe, pamakhalanso fomu ya chaka chonse yonena zogulitsa za chaka chapitacho, imeneyi ambiri amaiwala poganiza kuti poti alipira kanayi zatha.

Mukadzatseka banka, kaya mwasamuka kaya mwadwala nthawi yaitali kaya mwangoleka, pitani mukanene ndi kulemba fomu yotsekera. Ndidalandirapo mayi wina amene adasiya malonda zaka zitatu, kubwerera kuti atsegulenso adapeza kuti kwa a Finansa iye adali akugulitsabe nthawi yonseyo ndipo mafomu onse amene sadapereke akumudikira. Tidazikonza koma zidatenga maulendo angapo ndi makalata.

Pa zambiri zimene ndafotokozazi simufunika munthu ngati ine, kaderno ndi foni yowerengera zikukwanirani. Koma pali nthawi zimene ndikupemphani kuti musalimbe mutu nokha. Mukalandira kalata ya a Finansa yonena za ngongole kapena yokuikirani nambala ya zogulitsa imene simukugwirizana nayo, pitani nayo kwa kontabilista wovomerezeka sabata yomweyo, chifukwa kudandaula kuli ndi masiku ake owerengeka ndipo akadutsa ngakhale muli olondola zimavuta. Mukaona kuti zogulitsa zanu zayamba kuyandikira malire a pa chaka a ISPC aja, khalani pansi ndi munthu chaka chisanathe mukonzekere, kusiyana nkuti akuuzeni okha kuti mudadutsa kale. Mukalemba antchito okhazikika pamabwera nkhani ya INSS, thumba la boma la penshoni ya antchito, imene ISPC siikhudza. Ndipo ngati mwatsimikiza kuti feteleza mukufuna kumamugulitsa wambiri chaka chino, bwerani ndi mitengo yanu yogulira ndi yogulitsira ya nyengo yathayi mvula isanayambe, tiwerengere limodzi thumba ndi thumba musanapereke ndalama kwa mwini lole.